Kubalansa ikweshoni ndi kuwerengera mamolo pa pepala la kemisitiri lojambulidwa pa foni

Ophunzira ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 kuno ku Kasungu saligwira m'manja pepala lenileni la mayeso akale a kemisitiri. Limawapeza pa WhatsApp. Wina analijambula lili pa desiki, n'kutumizira mnzake wa ku Santhe, wa ku Santhe n'kuliponya pa gulu, ndipo pofika pa foni yanu ladutsa m'manja mwa anthu ambiri. Zilembo zikuluzikulu zimawerengeka bwinobwino, koma tinambala ting'onoting'ono tokhala m'munsi mwa zilembo timafika titachita chimbuuzi. Tsoka lake, tinambala timeneto ndi tomwe tanyamula funso lonse. Mwana amakopera 2 pomwe panali 3, n'kutha ola lathunthu akulimbana ndi ikweshoni yomwe singabalansike, mapeto ake n'kumati mamolo ndi ovuta, chonsecho cholakwika chinachitika asanagwire n'komwe kakyuleta.

Malangizowa akutsata funso limodzi kuchokera pa chithunzi mpaka pa yankho.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

- Kope ndi pensulo yokhala ndi chofufutira. Pobalansa mumasintha manambala kangapo, ndiye bolopeni imangodetsa tsamba.
- Kakyuleta yeniyeni. Ya pa foni imakuchotsani pa chithunzi nthawi iliyonse mukafuna kuwerengera, komanso m'chipinda cha mayeso a MSCE foni simudzalowa nayo.
- Tebulo la maelementi, lija lili m'buku lanu la kemisitiri.
- Kapepala komwe mwalembapo mavalense ofala: Na, K, H, Cl, OH, NO₃ ndi NH₄ ali ndi 1; Mg, Ca, Zn, O, SO₄ ndi CO₃ ali ndi 2; Al ali ndi 3.

Kapepala ka mavalenseka musakaone kuchepa, pakuti ndi komwe kadzakuuzeni zoona pamene chithunzi chikukayikitsa.

## Gawo loyamba: kuchotsa funso pa chithunzi

1. Onani ngati chithunzi chili chathunthu. Yang'anani m'mbali monse. Kulemera kwa maatomu, monga Al = 27, kumalembedwa kumapeto kwa funso, ndipo n'komwe kumadulidwa kawirikawiri wojambula akayandikitsa foni kwambiri. Onaninso ngati funso silinapitirire pa tsamba lotsatira. Ngati chithunzi chili choipa, pemphani amene ali ndi pepala ajambulenso masana, pamthunzi, pepala litagona pa malo osalala, foni ili pamwamba pake molunjika. Atumize posankha `Document`, osati ngati chithunzi wamba, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi wamba kuti chisadye bando yambiri, ndipo zoyamba kutayika ndi timadontho ndi tinambala tija.

2. Koperani funso lonse m'kope musanayambe kuganiza za yankho. Kulitsani chithunzi ndi zala, muwerenge fomula iliyonse chilembo ndi chilembo. Pomwe simukuona bwino, lembani chomwe mukuganiza koma muchizungulize ndi pensulo. Funso lathu, titaliika m'Chichewa, likuti: magalamu 5.4 a aluminiyamu aikidwa mu asidi wa HCl wochuluka kuposa wofunika. Balansani ikweshoni, pezani voliyumu ya haidirojeni yotuluka pa r.t.p., kutanthauza pa kutentha ndi mphamvu ya mpweya ya m'chipinda wamba, ndipo pezani voliyumu ya asidi wa 2 mol/dm³ yomwe ingakwanire kumaliza aluminiyamu yenseyo. Ikweshoni yake pa chithunzi ikuoneka chonchi:

Al + HCl → AlCl? + H₂

Kanambala ka pambuyo pa AlCl kafufutika. Kakhoza kukhala 2, 3 kapena 8. Pakati pa 5 ndi 4 pali kanthu kooneka ngati kadontho, koma kangakhalenso kachitsotso ka pa pepala.

*Chenjezo:* chilembo chachiwiri cha chizindikiro cha elementi chimakhala chaching'ono nthawi zonse. Cl ndi C ndi l wamng'ono, ndiye kolorini. Si kaboni ndi ayodini. Co ndi chitsulo cha kobati, pomwe CO ndi mpweya wa poizoni uja umachokera pa mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Pa chithunzi chachimbuuzi ziwirizi zimafanana kwambiri, ndiye onani zomwe funso likukamba.

3. Tsimikizani fomula iliyonse ndi mavalense. Apa ndi pomwe muyenera kudekha kwambiri. Simukufunika kulosera kanambala kofufutika, chifukwa kemisitiri yomweyo imakuuzani. Aluminiyamu ali ndi valense 3, kolorini ali ndi 1. Atomu imodzi ya aluminiyamu imafuna maatomu atatu a kolorini, choncho fomula ndi AlCl₃ basi, kaya chithunzi chikuoneka bwanji. Chitani chimodzimodzi ndi fomula ina iliyonse, ngakhale yooneka bwino: H ali ndi 1, Cl ali ndi 1, ndiye HCl ili bwino. Haidirojeni ikakhala payokha ngati mpweya imayenda iwiriiwiri, H₂. Enanso otero ndi N₂, O₂, F₂, Cl₂, Br₂ ndi I₂. Mukaona O yekha waima payekha mu ikweshoni ya kuyaka kwa chinthu, dziwani kuti ka 2 kasowa pojambula.

Njirayi ili ndi malire ake. Ayironi ndi kopa ali ndi mavalense oposa amodzi, motero FeCl₂ ndi FeCl₃ zonse zilipo. Pamenepo funani dzina m'funso: nambala ya Chiroma, II kapena III, yotsatana ndi dzina la chitsulo ndiyo valense yake. Dzina likasowanso, musaumirire. Funsani chithunzi china.

Za kadontho ka 5.4, kasiyeni kozunguliza kaye. Tidzakaweruza kumapeto.

## Gawo lachiwiri: kubalansa

Lamulo lake ndi limodzi: maatomu omwe alowa kumanzere kwa muvi atuluke onse kumanja, osachepa osachuluka. Chomwe mukuloledwa kusintha ndi nambala yayikulu yoikidwa kutsogolo kwa fomula. Kanambala kam'munsi mwakatsimikiza kale pa sitepe 3, ndiye musakakhudzenso.

4. Werengani maatomu mbali zonse ziwiri ndipo mulembe.

```
Al + HCl → AlCl₃ + H₂
Al: 1 | 1
H:  1 | 2
Cl: 1 | 3
```

Musawerengere m'mutu. Lembani mizere itatuyi ndipo muziikonza nthawi iliyonse mwasintha nambala.

5. Yambani ndi fomula yomwe ili ndi maatomu ambiri, ndipo elementi yoima payokha muisiye pomaliza. Pano yodzaza ndi AlCl₃. Ili ndi makolorini atatu, choncho tiike 3 kutsogolo kwa HCl. Kolorini wakhala bwino, 3 ndi 3, koma haidirojeni tsopano ndi 3 kumanzere, 2 kumanja. Apa ndi pomwe ambiri amazungulira: akaika 2 kutsogolo kwa H₂ apeza 4, akabwerera ku HCl n'kuika 4 kolorini asokonekera, n'kumangopita uku ndi uku mpaka tsamba kubooka.

Potulukira pake ndi apa. HCl imapereka H ndi Cl mofanana. Kumanja kolorini amatuluka atatuatatu, haidirojeni iwiriiwiri. Nambala yakutsogolo kwa HCl iyenera kugawika ndi 3 komanso ndi 2, ndipo yaing'ono kwambiri yotero ndi 6. Ikani 6HCl. Makolorini 6 akupanga 2AlCl₃, mahaidirojeni 6 akupanga 3H₂. Watsala aluminiyamu, yemwe tinamusiya dala chifukwa waima yekha ndipo kumusintha sikusokoneza wina aliyense: kumanja alipo awiri, ndiye kumanzere 2Al.

```
2Al + 6HCl → 2AlCl₃ + 3H₂
Al: 2 | 2
H:  6 | 6
Cl: 6 | 6
```

*Chenjezo:* wina akatopa amangosintha H₂ kukhala H₃, kapena AlCl₃ kukhala AlCl, kuti manambala agwirizane. Akatero wasintha chinthu chenichenicho, ndipo zonse zowerengera pambuyo pake zagwa.

6. Werenganinso komaliza, kuyambira pachiyambi. Nambala yakutsogolo imachulukitsa atomu iliyonse ya m'fomulamo: 2AlCl₃ ndi ma Al awiri ndi ma Cl 6. Onaninso ngati manambala onse sangagawike ndi nambala imodzi. 4, 12, 4, 6 ndi yobalansika ndithu, koma iyenera kutsitsidwa kufika pa 2, 6, 2, 3.

Mukakumana ndi magulu monga SO₄, NO₃ kapena OH omwe akuoneka mbali zonse ziwiri osasweka, awerengeni ngati chinthu chimodzi. Zimafupikitsa ntchito kwambiri.

## Gawo lachitatu: mamolo

Wogula chimanga pa msika wa ku Chinkhoma sawerenga njere, amaika thumba pa sikelo. Maatomu nawo sitingawawerenge imodziimodzi, ndiye timayeza kulemera kwake n'kudziwa kuchuluka kwake. Molo imodzi ndi tinthu 6.02 × 10²³, ndipo molo imodzi ya maatomu a elementi imalemera magalamu ofanana ndi nambala ija mwapatsidwa m'funso: aluminiyamu magalamu 27, haidirojeni ya H galamu imodzi.

Mfundo yofunika kuigwiritsa ndi iyi: manambala akutsogolo mu ikweshoni amanena za mamolo, osati magalamu. 2Al ndi 3H₂ sizikutanthauza kuti magalamu awiri a aluminiyamu amapereka magalamu atatu a haidirojeni. N'chifukwa chake funso lililonse la mtunduwu limayenda ulendo umodzimodzi: chomwe mwapatsidwa chisandutseni mamolo, muoloke ndi manambala a ikweshoni kupita ku chinthu chomwe akufunsa, kenako mamolo achisandutseni chomwe funso likufuna.

7. Sandutsani chopatsidwa kukhala mamolo. Pali makomo atatu olowera, malinga ndi chomwe mwapatsidwa:

```
n = m ÷ M      (m: g)
n = V ÷ 24     (V: dm³, r.t.p.)
n = c × V      (V: dm³)
```

Apa n ndi mamolo, m ndi kulemera kwa chinthucho, M ndi kulemera kwa molo imodzi, V ndi voliyumu, ndipo c ndi mamolo omwe ali mu dm³ imodzi. Khomo loyamba ndi la chinthu choyezedwa pa sikelo, lachiwiri ndi la mpweya, lachitatu ndi la zosungunuka m'madzi monga asidi. Ife tapatsidwa magalamu:

n ya Al = 5.4 ÷ 27 = 0.2 mol

*Chenjezo:* gawani ndi 27, osati 54. Nambala 2 ya kutsogolo kwa Al siilowa mu kulemera kwa molo imodzi. Ntchito yake ikubwera pa sitepe yotsatira, ndipo mukaigwiritsa ntchito kawiri yankho lanu lidzakhala theka la loona.

8. Olokani ndi reshiyo. Lembani mayina pamwamba, manambala a ikweshoni pansi pake, kenako mamolo anu:

```
Al  :  H₂
2   :  3
0.2 :  ?
```

Musanadinde kakyuleta, dzifunseni ngati yankho likhale lalikulu kapena laling'ono kuposa 0.2. Popeza 3 ndi wamkulu kuposa 2, mamolo a haidirojeni achuluke. Choncho 0.2 × 3 ÷ 2 = 0.3 mol. Amene watembenuza reshiyo amapeza 0.133, ndipo funso laling'ono lija likanamugwira pomwepo. Kwa asidi reshiyo ndi 2 kwa 6, ndiye n ya HCl = 0.2 × 6 ÷ 2 = 0.6 mol.

9. Tulukani m'mamolo. Pa r.t.p., kutanthauza kutentha ndi mphamvu ya mpweya ya m'chipinda wamba, molo imodzi ya mpweya uliwonse imatenga malo a 24 dm³.

V ya H₂ = 0.3 × 24 = 7.2 dm³

Kulitsaninso chithunzi pa mawu amenewa. Pakati pa r.t.p. ndi s.t.p. pali kusiyana kwa chilembo chimodzi chokha, koma pa s.t.p., kutanthauza pa 0 °C, nambala yake ndi 22.4, ndipo yankho likanakhala 6.72 dm³. Nthawi zambiri funso limakupatsani nambalayo kumapeto. Gwiritsani ntchito yomwe yalembedwayo.

Kwa asidi, tembenuzani fomula yachitatu ija: V = n ÷ c = 0.6 ÷ 2 = 0.3 dm³. Mu dm³ imodzi muli 1000 cm³, choncho ndi 300 cm³. Lembani yankho ndi muyeso wake. Nambala yopanda dm³ kapena cm³ siinamalize kuyankha funso.

10. Yesani yankho lanu. Pali mayeso awiri osatenga nthawi. Oyamba ndi a nzeru chabe, ndipo ndi omwe atithandize pa kadontho kaja. Akanakhala magalamu 54, tikanapeza mamolo awiri a aluminiyamu, haidirojeni 72 dm³ ndi asidi malita atatu athunthu. Mu labu ya pa sukulu ntchito imachitikira m'mabika a 100 cm³ kapena 250 cm³, ndipo palibe mphunzitsi angakhuthule malita atatu a asidi pa ntchito imodzi. Zikuoneka kuti 5.4 ndiye woona. Umenewu si umboni wotheratu, chifukwa mafunso ena amakamba za m'mafakitale ndipo manambala ake amakhala akuluakulu, koma ukuloza kolondola. Lembani pambali kuti mwatenga 5.4, kuti mukadzaona pepala lenileni mudzadziwe pokonza.

Achiwiri ndi a kulemera. Zolowa ndi zotuluka zilemere mofanana. Molo imodzi ya HCl ndi 1 + 35.5 = 36.5 g, ya AlCl₃ ndi 27 + 3 × 35.5 = 133.5 g, ya H₂ ndi 2 g.

```
5.4 + (0.6 × 36.5) = 5.4 + 21.9 = 27.3 g
(0.2 × 133.5) + (0.3 × 2) = 26.7 + 0.6 = 27.3 g
```

Zafanana. Zikasiyana, mwalakwitsa penapake pa kubalansa, pa reshiyo kapena pa kuwerengera kulemera kwa molo. Ine ndimaona kuti pokonzekera mayeso muzichita zimenezi pa funso lililonse, makamaka popeza mapepala oyenda pa foni kawirikawiri amabwera opanda mayankho, ndipo iyi ndiyo njira yodzichongera nokha usiku mphunzitsi palibe.

## Funso likapereka kuchuluka kwa zinthu ziwiri

Funso lathu linanena kuti asidi ndi wochuluka kuposa wofunika. Pa pepala mawu ake amalembedwa kuti "excess", ndipo mukawaona dziwani kuti chinthu chimenecho si choyambira kuwerengera. Koma tinene kuti funso lapereka magalamu 5.4 a aluminiyamu ndi 100 cm³ yokha ya asidi yemweyo. Pezani mamolo a zonse ziwiri. Asidi: 100 ÷ 1000 = 0.1 dm³, ndipo 2 × 0.1 = 0.2 mol. Aluminiyamu ndi 0.2 mol uja. Manambala afanana, ndipo apa ambiri amaganiza kuti zonse zitha pamodzi. Ayi. Taona kale kuti 0.2 mol ya aluminiyamu imafuna 0.6 mol ya asidi, ndipo ife tili ndi 0.2 yokha. Asidi atha msanga, chitsulo chotsala chikhala pansi pa bika. Ndiye werengerani kuchokera ku asidi: 6 kwa 3, kutanthauza 0.1 mol ya haidirojeni, yomwe ndi 2.4 dm³.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

Kuiwala kusintha cm³ kukhala dm³. Ichi chimadya malikisi ambiri pa mafunso a asidi. Mukapeza mamolo 200 m'kabika kakang'ono, mwaiwala kugawa ndi 1000. Pa chithunzi, cm³ ndi dm³ zimafanananso. Asidi woyezedwa ndi pipeti kapena byureti amakhala mu cm³.

Kulephera mabulaketi. Tengani feteleza uja alimi amangomutcha kuti safeti, (NH₄)₂SO₄. Ka 2 ka kunja kwa bulaketi kamachulukitsa zonse zam'kati: ma N awiri ndi ma H 8, koma sikakhudza SO₄. Kulemera kwa molo imodzi ndi 28 + 8 + 32 + 64 = 132 g. Mutha kudziyesa ndi thumba lomwe: 28 ÷ 132 × 100 ikupereka 21.2, ndipo pa thumba la feteleza ameneyu pamalembedwa naitirojeni 21%. Bulaketi ndi kamzere kopyapyala kosachedwa kusowa pa chithunzi, ndiye mukaona CaOH₂ dziwani kuti ndi Ca(OH)₂.

Kugwiritsa ntchito C₁V₁ = C₂V₂ paliponse. Fomulayi ndi ya kusungunula ndi madzi, ndipo pa asidi ndi alikali imagwira pokhapokha reshiyo ili 1 kwa 1. Onani izi:

2NaOH + H₂SO₄ → Na₂SO₄ + 2H₂O

Ngati 25 cm³ ya NaOH wa 0.1 mol/dm³ yathetsedwa ndi 20 cm³ ya asidi, fomula yachidule ija ikupatsani 0.125 mol/dm³, lomwe ndi yankho lolakwika. Yendani ulendo wonse: mamolo a NaOH ndi 0.1 × 0.025 = 0.0025; reshiyo ndi 2 kwa 1, ndiye asidi ndi 0.00125 mol, kugawa ndi 0.020 dm³ kukupereka 0.0625 mol/dm³.

Kusokoneza atomu ndi molekyu. Funso likamakamba za mpweya wa okosijeni, molo imodzi ndi 32 g, chifukwa ndi O₂. Nambala 16 yomwe mwapatsidwa kumapeto kwa funso ndi ya atomu imodzi.

Kudula manambala msanga. Mukapeza 0.00125 n'kuilemba 0.001 pakati pa ntchito, yankho lomaliza likhala 0.05 m'malo mwa 0.0625. Siyani nambala yonse pa kakyuleta mpaka pa mzere womaliza.

Kulemba yankho lokha. Mafunso owerengera amakhala ndi malikisi angapo, ndipo wochonga amafuna kuona njira yomwe mwadutsa. Ikweshoni yobalansika ikhale pa mzere wake, mamolo pa mzere wake, reshiyo pa mzere wake. Ngati munakopera nambala molakwika kuchokera pa chithunzi, mizere imeneyi ikuthandizani kukonza pamalo amodzi osayambiranso funso lonse.